BANDULO YA MWEZI WATHUNTHU YATHA BWANJI M'MASIKU ASANU NDI ANAYI?

Kuno ku Hara, m'boma la Karonga, pafupi ndi Chilumba, moyo wathu umayendera mpunga. Tikakolola mpunga wa Kilombero kusikimu, ogula ambiri masiku ano safikanso ndi phazi kudzafunsa mtengo. Amayamba atumiza uthenga pa WhatsApp ali ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo amene wayankha msanga ndiye amagulitsa. Nayenso mwana wathu wachisamba, amene ali ku Joni, timaonana naye nkhope pa lamya. N'chifukwa chake m'nyumba mwathu tidagwirizana zogula kamakina kakang'ono kotchedwa rauta, kamene ena amati maifai, kuti lamya zonse za pakhomo zizimwa pa chitsime chimodzi m'malo moti aliyense azigula kabandulo kakekake tsiku ndi tsiku.

Tidagula bandulo ya 10 GB ya masiku 30. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi, madzulo titangochoka ku swala ya Maghrib, intaneti idangoti zii. Tsiku lomwelo wogula wina adali atalonjeza kutiuza za galimoto yodzatenga matumba, ndipo uthenga wake tidauona m'mawa mwake galimoto itadzaza kale ndi mpunga wa anzathu. Mayi a m'nyumba adati, "Bambo, ndalama ija mwaitaya m'nyanja." Ife tidafuna kuloza chala kampani ya lamya. Koma titafufuza modekha tidapeza kuti palibe adatibera. Bandulo idadyedwa ndi lamya zathu zomwe, ife tili m'tulo. Awerengi athu okondedwa, tikufuna tikufotokozereni m'mene kamakinaka amakakonzera, ndiponso m'mene mungaonere kumene bandulo yanu ikupita.

KAMAKINAKA N'KOTANI?

Rauta ya m'thumba ndi yaikulu ngati sopo wosambira. M'kati mwake muli batire ndi malo olowetsapo simukhadi. Kumbali imodzi imalankhula ndi nsanja ya kampani ya lamya monga m'mene lamya iliyonse imachitira. Kumbali ina imawaza waifai m'nyumba, ndipo lamya zokwana khumi kapena kuposerapo, malinga ndi mtundu wake, zikhoza kulumikizika nthawi imodzi. Zonsezo zimadya bandulo imodzi, imene ili pa simukhadi ya m'rautamo.

Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa ngati rautayo ndi yokhoma. Marauta ambiri ogulitsidwa ndi kampani ya lamya amalandira simukhadi ya kampani yokhayo. Muno m'Malawi makampani aakulu ndi awiri, TNM ndi Airtel, ndipo mphamvu ya netiweki yawo imasiyana mudzi ndi mudzi, ngakhale nyumba ndi nyumba. Choncho yambani mwayesa. Bwerekani lamya za achibale zokhala ndi makhadi a makampani onse awiri, muime nazo m'nyumba mwanu momwemo m'mawa ndi madzulo, muone imene ikuonetsa 4G mosadukiza. Imeneyo ndiyo kampani ya rauta yanu.

Simukhadiyo iyenera kulembetsedwa. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti khadi iliyonse ikhale m'dzina la mwini wake, choncho popita kwa wogulitsa tengani chiphaso chanu cha unzika. Nambala ya khadiyo ilembeni m'kope, chifukwa ikalowa m'rauta simudzaionanso, komatu ndi nambala imeneyo imene muzidzaigulira bandulo.

KULOWETSA KHADI NDI KUYATSA

Ife tidayamba taika khadi yatsopanoyo m'lamya wamba kwa mphindi zochepa. Tidatero kuti titsimikize kuti yatsegulidwa, komanso kuti tichotse loko wa PIN. Khadi yofuna PIN ikaikidwa m'rauta imangokhala duu osalumikizika, mpaka wina atalemba nambalayo patsamba la rauta. Chenjerani pamenepa: mukalakwitsa PIN katatu khadi imatsekeka n'kufuna nambala ina yotchedwa PUK, ndipo mukalakwitsa PUK kakhumi khadiyo yafa.

Kenako zimitsani rauta, chotsani chivindikiro chakumbuyo ndi batire. Makhadi alipo a misinkhu itatu, yaikulu, yapakati ndi yaing'onong'ono, ndipo khadi yatsopano imabwera yodulidwa kale moti mumangothyola msinkhu umene mukufuna. Yang'anani kaye malo a m'rauta musanathyole. Mukathyola yaing'ono pamene pakufunika yapakati, ibwezereni m'kafelemu kake, koma polowetsa musakakamize, chifukwa timawaya tam'kati tikapindika rauta siwerenganso khadi. Mbali yagolide iyang'ane pansi, ndipo ngodya yodulidwa igwirizane ndi kachithunzi kojambulidwa pamalopo.

Musanabwezere batire, yang'anani kapepala komatidwa m'katimo kapena pachivindikiro. Palembedwa dzina la waifai, pamene pali mawu akuti SSID, ndi pasiwedi yake, pamene pali mawu monga Wi-Fi Key. Zikopereni m'kope lija. Tsopano bwezerani batire, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo, ndipo dikirani mphindi imodzi. Pa marauta ambiri kanyali kobiriwira kapena kabuluu kamatanthauza kuti netiweki yapezeka, pamene kofiira kamatanthauza kuti palibe netiweki kapena khadi sikuwerengeka.

KHOMO LOLOWERA M'KATI MWA RAUTA

Anthu ambiri akangolumikiza lamya n'kuona mauthenga akulowa amaganiza kuti ntchito yatha. Ifenso tidalakwa pomwepo. Rauta ili ndi tsamba lakelake, limene lili ngati ofesi yake, ndipo kulitsegula sikudya bandulo ngakhale pang'ono, pakuti lamya imangolankhula ndi rautayo m'nyumba momwemo. Lamya yanu italumikizika ku waifai ya rauta, tsegulani Chrome ndipo pamwamba polemba adiresi mulembe manambala a rauta yanu. Marauta ambiri a Huawei amatsegukira pa adiresi yoyambayi, ndipo ambiri a ZTE ndi TP-Link pa yachiwiriyi:

```
192.168.8.1
192.168.0.1
```

Adiresi yeniyeni ya rauta yanu yalembedwa pa kapepala kaja kapena m'kabuku kake. Tsambalo lidzafunsa pasiwedi, ndipo pa marauta ambiri atsopano imakhala mawu akuti admin. Apa pali mapasiwedi awiri amene sayenera kusokonezedwa. Ya waifai ndi imene mumapatsa a pabanja kuti alumikizike. Ya tsambali ndi ya mwini rauta yekha, monga kiyi wa nkhokwe. Zonse ziwiri zisintheni tsiku loyamba lomwelo. Mukangosintha ya waifai, lamya yanu idzaduka, ndipo musadabwe: ilumikizeninso ndi pasiwedi yatsopanoyo.

Nthawi zina kanyali kamaonetsa kuti netiweki ilipo, bandulo mwagula, koma intaneti osayenda. Kawirikawiri vuto limakhala pa APN, limene ndi dzina la chipata cholowera pa intaneti ya kampani. Rauta yogulidwa kwa kampani imabwera italembedwa kale, koma yochokera ku Joni kapena ku Tanzania ikhoza kukhala ndi APN yakwawo. Pezani pamene alemba Profile Management kapena APN, ndipo kwa makampani athu onse awiri lembani mawu amodzi awa:

```
internet
```

Muli pomwepo, onetsetsani kuti Data Roaming ndi yozimitsa. Ife a ku Karonga timayenda kawirikawiri ku Songwe, ndipo rauta ikagwira nsanja ya kutsidya, bandulo ya kwathu siigwira ntchito, koma mayunitsi ndiwo amadyeka pa mtengo wokwera.

Malo oikapo rauta nawo ndi nkhani. Malata ndi zipupa zochindikala zimafooketsa netiweki. Ife tidaizunguza m'nyumba monse tikuyang'ana timizere tapatsamba lija, mpaka tidapeza kuti pazenera loyang'ana ku msewu wa M1 ndi pamene imagwira bwino. Koma isaombedwe ndi dzuwa. Kutentha kwa kunyanja kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumawononga batire, makamaka ngati rauta ili pa tchaja usana ndi usiku. Mukaona chivindikiro chikutukumuka, batire latupa, ndipo lichotseni msanga.

MBAVA ZINALI M'NYUMBA MOMWEMO

Tsopano tibwerere ku bandulo yathu ija. Chinsinsi chake n'chakuti lamya zamakono zidapangidwa ndi maganizo akuti waifai ndi yaulere ndipo siitha. Lamya ikakhala pa bandulo ya simukhadi yake imadziletsa, ndipo ntchito zonse zolemera imazisunga n'kumadikira tsiku limene idzapeze waifai. Ikangolumikizika ku rauta imati nthawi ija yakwana, osadziwa kuti kuseri kwa waifaiyo kuli bandulo yogula ndi ndalama za mpunga.

Tidaitana onse a pakhomo pamkeka, aliyense ndi lamya yake. M'lamya za Android, mukalowa mu Settings n'kufufuza pamene alemba Data usage, mumapeza mbali ya Wi-Fi, imene imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi kuchuluka kwa zimene yadya. Kumbukirani kuti 1 GB ndi pafupifupi 1,000 MB, choncho bandulo yathu idali ngati thumba la 10,000 MB.

Tidayambira pa lamya yathu ife eni, ndipo manyazi adatigwira. Play Store idakonzanso mapulogalamu onse amene adakhala miyezi osakonzedwa, n'kudya 1,900 MB. Lamyayo idakokanso yokha zokonzera makina ake, zokwana 1,300 MB. Zonsezi zidachitika usiku woyamba, ife osakhudza batani lililonse.

Ya mayi idadya 1,400 MB pa WhatsApp. Pafupifupi 600 MB idali ya kuonana ndi mwana wa ku Joni uja, katatu, mphindi 40 ulendo uliwonse, ndipo izo sitidadandaule nazo pakuti n'zimene tidagulira rauta. Koma zotsalazo adali mavidiyo a m'magulu a ukwati, a maliro ndi a banki m'khonde, amene ankalowa okha ngakhale mayiwo sadawatsegule n'komwe.

Mwana wathu wamkazi wa ku sekondale adati, "Ababa, ine ndangoonera maphunziro a masamu maola atatu basi." Adanena zoona. Koma YouTube itaona netiweki yothamanga idasankha yokha chithunzi chowala cha 720p, chimene chimadya pafupifupi 1 GB pa ola, ndipo maola atatuwo adatenga 3,100 MB. Lamya ya mphwathu idatumiza zithunzi zake zonse za zaka ziwiri kukasungidwa ku Google Photos, n'kudya 1,500 MB. Ambiri sadziwa kuti bandulo imatha ndi zotuluka zomwe, osati zolowa zokha ayi.

Titawonkhetsa zonse tidapeza 9,200 MB. Nanga 800 MB yotsalayo? Yankho tidalipeza patsamba la rauta, pamene pali mndandanda wa lamya zolumikizika. Ife tili ndi lamya zinayi, koma pamndandandapo padali zisanu. Mnzake wa mphwathu adapatsidwa pasiwedi tsiku lina atabwera kudzacheza, ndipo lamya yake inkalumikizika yokha nthawi iliyonse akakhala pakhonde. Mnyamatayo sadabe, ndipo sitidakangane naye. Tidangosintha pasiwedi.

Padalinso chinthu china chimene chidatipweteka mtima. Kampani idatichenjeza ndithu kuti bandulo yatsala pang'ono kutha. Koma uthengawo udapita ku nambala ya khadi ya m'rauta, ndipo udangokhala m'bokosi la SMS la patsamba lija popanda wouwerenga. Bandulo itatha, timayunitsi tochepa timene tidasiya pakhadipo tidapitanso m'kanthawi kochepa, chifukwa intaneti ya kunja kwa bandulo ndi yodula kwambiri.

KUTSEKA MIBOWO

Madzulo omwewo tidagwira lamya imodziimodzi. Choyamba, tidauza lamya iliyonse kuti waifai iyi ndi yolipira. Mu Android mumatsegula dzina la waifai ya rauta mu Settings, n'kusankha Treat as metered, kapena Metered network pa lamya zina. Pa iPhone ndi Low Data Mode, ndipo pa kompyuta ya Windows ndi Metered connection. Mukatero lamya imayamba kudziletsa monga imachitira pa bandulo yake. Muyenera kuchita zimenezi pa lamya iliyonse payokha, chifukwa rauta singazichite m'malo mwanu.

Chachiwiri, sitidadalire chimenechi chokha. Mu Play Store, pa Auto-update apps, tidasankha Don't auto-update apps. Mu WhatsApp tidalowa mu Storage and data, pamene alemba When connected on Wi-Fi, n'kuchotsa chizindikiro pa mavidiyo ndi zina zonse, kuti chilichonse chizilowa pokhapokha mwini wake wachidina. Mu Google Photos tidazimitsa Backup. Mwana wa sukulu uja tidamuonetsa posinthira Quality kuti azisankha 360p, imene imadya pafupifupi 300 MB pa ola. Zolemba za aphunzitsi pabolodi zimaonekabe, ndipo pamene ankaonera ola limodzi tsopano amaonera maola atatu ndi bandulo yomweyo.

MIYEZO IWIRI

Wogulitsa mpunga wanzeru sakhulupirira sikelo ya wogula yokha, amakhalanso ndi yake. Pa bandulo palinso masikelo awiri, ndipo onse ndi ofunika.

Sikelo yoyamba ndi ya rauta. Patsamba lija pali mbali yotchedwa Statistics kapena Data Usage, imene imawerenga zonse zolowa ndi zotuluka. Pamenepo mumalemba zinthu zitatu: tsiku loyambira kuwerenga, kukula kwa bandulo, ndi malire ochenjezera. Ife timalemba tsiku limene tagula bandulo, 10 GB, ndi 80%. Tsiku loyambiralo n'lofunika kwambiri. Mukalisiya pa 1 pomwe bandulo mudagula pa 17, rauta idzafufuta chiwerengero pakati pa ulendo ndipo idzakunamizani. Mukagula bandulo yatsopano, fufutani chiwerengero chakale pa Clear history kapena Reset kuti chiyambire pa ziro. Dziwaninso kuti marauta ena akafika pamalire amangochenjeza osadula intaneti.

Sikelo yachiwiri ndi ya kampani, ndipo imeneyi ndiyo ili ndi mawu omaliza. Rauta imadziwa zimene zadutsa, koma siidziwa kuti bandulo yanu ithera tsiku liti. Marauta ena ali ndi malo olembedwa USSD patsamba lawo, pamene mungaimbe nambala yofunsira zotsala monga pa lamya. Ngati yanu ilibe, gwiritsani ntchito pulogalamu ya kampaniyo pa lamya yanu, n'kulembetsamo nambala ya khadi ya m'rauta. Manambala otsimikizira adzapita m'bokosi la SMS la rauta, ndipo mukawatenge kumeneko. Masikelo awiriwa akasiyana pang'ono si vuto, pakuti ena amawerenga 1 GB ngati 1,000 MB pamene ena amati 1,024 MB. Koma akasiyana kwambiri, onani ngati simudaiwale kufufuta chiwerengero chakale musanapite kukadandaula.

Pogula bandulo simufunika kutulutsa khadi. Mukhoza kuigulira kuchokera pa lamya yanu kudzera pa Airtel Money, *211#, kapena pa Mpamba, *444#, posankha kugulira nambala ina. Ubwino wake ndi wakuti pakhadi ya m'rauta sipakhala mayunitsi oti adyeke bandulo ikatha. Gulani bandulo ya intaneti yonse. Ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha siiyenera rauta, chifukwa lamya zolumikizika zimafunanso zinthu zina zimene bandulo yoteroyo siilipira.

KOPE LA PAZENERA

Mwezi wachiwiri tidayamba ndi masamu. Tikagawa 10,000 MB ndi masiku 30 timapeza 333 MB pa tsiku. Choncho pa tsiku la 10 rauta iyenera kuonetsa pafupifupi 3,300 MB, ndipo pa tsiku la 20 pafupifupi 6,700 MB. Tidagawa motere: kuonana ndi wa ku Joni kanayi, mphindi 30 ulendo uliwonse, 600 MB, maphunziro a mwana maola 10 pa 360p, 3,000 MB, mauthenga ndi za malonda, 30 MB pa lamya iliyonse pa tsiku, zimene pa lamya zinayi mwezi wonse ndi 3,600 MB, kukonza mapulogalamu ofunika okhaokha, 1,000 MB. Zonse pamodzi ndi 8,200 MB, ndipo 1,800 MB timaisunga ngati mbewu ya padera, ya tsiku la matenda kapena la wogula wofuna kuona zithunzi za mpunga.

Pazenera pamene pamakhala rauta tidaikapo kope ndi pensulo. Madzulo aliwonse pambuyo pa Isha, mwana wamkazi uja amatsegula tsamba la rauta n'kulemba zinthu ziwiri, chiwerengero cha tsikulo ndi kuchuluka kwa lamya zolumikizika, kenako amayang'ana m'bokosi la SMS. Akatha amazimitsa rauta mpaka m'mawa, pakuti rauta yozima siidyetsa bandulo ndipo batire limapuma. Lachisanu lililonse timafananiza kope ndi chiwerengero cha kampani.

Ntchito imeneyi siitenga mphindi zitatu, koma idatipulumutsa msanga. Pa tsiku la 12 mwanayo adabwera ndi kope n'kunena kuti, "Ababa, lero zadumpha ndi 900 MB." Tidafufuza usiku womwewo ndipo tidapeza kuti mphwathu adabwereka lamya ina, imene sitidaiuze kuti waifai yathu ndi yolipira. Tidaikonza pomwepo. Pakadapanda kope, tikadazindikira bandulo itatha, monga poyamba paja. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo bandulo yako ndi imene waiona ndi maso lero, osati imene ukuganiza kuti ilipo.

Mwezi umenewo bandulo idafika tsiku la 30 itatsala ndi 700 MB. Uthenga wa wogula wotsatira udatipeza rauta ili moyo, ndipo matumba athu adakwera galimoto.